Kalata yoitana mlendo kudzaweruza buku la udokotala

Wophunzira digiri ya udokotala wa zamaphunziro amatha zaka zitatu, zinayi kapena kuposa akufufuza nkhani imodzi, mpaka atalemba buku lalikulu. Ku Britain bukulo limaloledwa kufika mawu 80,000, ndipo m'mayunivesite ena 100,000. Akamaliza, mphunzitsi amene wakhala akumuyang'anira zaka zonsezo alibe mphamvu yonena kuti wakhoza. Bukulo limaweruzidwa ndi anthu ena, kawirikawiri awiri: mmodzi wa pa yunivesite yomweyo, wina wochokera kwina. Wochokera kwinayo ndi amene mawu ake amalemera kwambiri, ndipo safika mwangozi, amachita kuitanidwa ndi kalata.

Mwambowu ndi wakale. Yunivesite ya Durham, yomwe inakhazikitsidwa mu 1832, inkaitana aphunzitsi a ku Oxford kudzayesa ophunzira ake kuti anthu akhulupirire kuti digiri ya ku Durham si yachabechabe. Cholinga sichinasinthe. Yunivesite ikamadziyesa yokha, ndani angaikhulupirire?

Tiyerekeze motere. Mtsikana wina akuphunzira ku yunivesite ya ku Britain ndipo walemba za kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe. Womuyang'anira akufuna katswiri wodziwa nyanjayo ndi asodzi ake, ndipo maganizo ake agwera pa pulofesa wina amene amaphunzitsa ku Malawi. Kwa yunivesiteyo, pulofesayu ndi wakunja kawiri: si wa pasukulupo, komanso ali kutsidya kwa nyanja.

Makalata amakhala awiri. Yoyamba ndi imelo yaifupi yochokera kwa woyang'anirayo, yongofunsa ngati Apulofesa angakhale ndi mpata. Imatumizidwa buku lisanaperekedwe, mwina miyezi itatu lisanathe, chifukwa kalendala ya munthu wotchuka imadzaza msanga. Akavomera, dzina lawo ndi mbiri ya ntchito yawo zimapita ku komiti yoona za madigiri apamwamba. Komitiyo ikavomereza m'pamene ofesi ya yunivesite imatumiza kalata yachiwiri, yomwe ndi yovomerezeka. Woyang'anira wina wopupuluma amalemba imelo yoyamba ija ngati kuti zonse zatheka, kenako komiti n'kukana dzinalo. Zikatero amabwerera kwa munthu wamkulu ndi manyazi kukamuuza kuti asavutikenso. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amanena poyera kuti pempholi likudikirabe chilolezo cha komiti.

Imelo yabwino imayankha mafunso amene pulofesa angafunse asanavomere. Imatchula dzina la wophunzira ndi mutu wa buku, n'kuphatikizapo chidule cha tsamba limodzi. Imanena kutalika kwa buku, mwezi umene lidzafike, ndi milungu imene wowerenga adzapatsidwe, yomwe nthawi zambiri imakhala 6 mpaka 8. Ndipo imafotokoza chifukwa chimene asankhira iwoyo osati wina. Chiganizo chonena kuti mutu wachinayi wa bukuli wagwiritsa ntchito njira yowerengera nsomba zogwidwa imene Apulofesa analembapo chimagwira mtima kuposa ndime yonse yowatamanda kuti ndi chimphona cha maphunziro. Anthu otere matamando anawazolowera. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti kodi bukuli lili m'dera limene angaliweruze moona mtima.

Pali chinthu chimodzi chimene kalata siyenera kuchita: kutamanda wophunzirayo. Woyang'anira akalemba kuti mwanayu ndi wanzeru zedi ndipo bukuli ndi labwino koposa onse amene anawaonapo, wayamba kale kunong'oneza woweruza mlandu usanalowe m'bwalo.

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu, makamaka pa nkhani ngati ya Malombe ija. Akatswiri a nsomba za m'nyanja za ku Malawi si ambiri, ndipo amadziwana. Anakumanapo pa misonkhano, ena anakwerapo bwato limodzi, ena analembapo limodzi. Malamulo a mayunivesite ambiri amakana woyesa amene walemba limodzi ndi wophunzira kapena woyang'anira m'zaka zaposachedwa, zitatu kapena zisanu malingana ndi yunivesite. Amakananso wachibale, amene akudyera thumba limodzi la ndalama za kafukufuku, ndiponso amene anaphunzitsa pa yunivesiteyo posachedwa. Tsono ngati pulofesa wathu uja ndi amene anathandiza mtsikanayo kupeza chilolezo chofufuzira, n'kumuwerengera mitu iwiri isanamalizidwe, ndiye kuti sangakhalenso woweruza, ngakhale atakhala kuti palibe wina wodziwa Malombe kuposa iye. Zimawawa, koma ndimaona kuti lamulolo ndi loyenera. Munthu amene anapereka maganizo pa mutu wachitatu, akamauweruza amakhala akudziweruza yekha. Kalata yabwino imafunsa nkhaniyi mosabisa, ndipo imapempha Apulofesa kuti anene ubale uliwonse, ngakhale wooneka waung'ono, kuti komiti ndiyo iganize. Zoipa kwambiri ndi pamene ubalewo waululika mayeso atachitika kale, chifukwa zotsatira zikhoza kuthetsedwa, wophunzira wosalakwa n'kuyambiranso kudikira.

Chinanso chimene olemba makalatawa amaiwala n'chakuti mayiko sayesa mofanana. Ku Britain woyesa aliyense amalemba lipoti lake payekha asanakambirane ndi mnzake, kenako onse awiri amakhala ndi wophunzira m'chipinda chotseka, n'kumufunsa mafunso kwa maola awiri kapena atatu. Ku Sweden ndi ku Finland wophunzira amateteza buku lake pagulu, ndipo mlendo amabwera ngati wotsutsa. Ku Australia mayunivesite ambiri akhala akudalira malipoti olembedwa okha. Pulofesa amene anaphunzira kumodzi mwa mayikowa angaganize kuti kwina n'chimodzimodzi. Choncho kalata yachiwiri ija imabwera ndi malamulo a mayeso ndi fomu yosonyeza zigamulo zimene angapereke: kukhoza popanda kukonza, kukhoza pokonza zing'onozing'ono m'miyezi ngati itatu, kukonza zazikulu, kulembanso n'kudzayesedwanso, kupatsidwa digiri yocheperapo, kapena kulephera. Woyesa amene sanauzidwe kusiyana kwa zing'onozing'ono ndi zazikulu akhoza kuchonga bokosi lolakwika, wophunzira n'kutaya miyezi yambiri.

Za ndalama n'zachidule. Malipiro ndi ochepa, mapaundi mazana angapo basi, ndipo palibe amene amavomera ntchitoyi kuti alemere. Koma kalata iyenera kunena amene adzagule tikiti ya ndege ndi kulipira kogona, komanso ngati yunivesite idzagula yokha kapena idzabweza ndalama pambuyo pake. Kwa mphunzitsi amene amalandira malipiro ake m'makwacha, kuuzidwa kuti ayambe wagula tikiti ya ku London ndi ndalama zake n'kufanana ndi kumuuza kuti asabwere.

Kalata yovomerezekayo ilinso ndi ntchito ku ofesi ya viza. Malamulo a Britain amalola katswiri kulowa ngati mlendo kudzagwira ntchito yolipidwa ya kuyesa ophunzira, bola ntchitoyo ithe mkati mwa masiku 30 atalowa, ndipo akhale ndi kalata yomuitana yochokera ku yunivesite. Imelo ya mnzake siikwanira. Ikachedwa kutuluka, viza nayo imachedwa, tsiku la mayeso n'kusunthidwa. Kuyambira nthawi ya mliri wa mu 2020 mayunivesite ambiri amalola mayesowa kuchitika pa intaneti, ndiye kalata imayenera kunena njira imene yasankhidwa. Ikakhala ya pa intaneti, itchule ola la ku Britain ndi la ku Malawi lomwe, chifukwa kusiyana kwake ndi ola limodzi kuchokera kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, koma maola awiri miyezi yotsalayo.