MUKALIPIRA BILU YA MADZI KAWIRI, NDALAMA SIZITAYIKA

Pa makomo ambiri a mu Nangongwe, m'tauni ya Kafue, bilu ya madzi siilipiridwa ndi munthu mmodzi. Mai wa panyumba amapita yekha ku ofesi ndi ndalama m'manja, pamene mwana wace wogwira nchito ku Lusaka amalipira ali komweko pa lamya ya m'manja, kudzera mu Airtel Money kapena MTN MoMo. Awiriwa akapanda kuuzana, bilu imodzi imalipiridwa kawiri. Enanso amalipira pa lamya, uthenga wotsimikiza nkucedwa kufika, iwo nkubwereza poganiza kuti poyamba sizinatheke.

Zikatere ambiri amangoti ndalama zapita, ena amathamangira ku ofesi ali ndi mkwiyo kukafuna kuti awabwezere tsiku lomwelo. Onsewa sanamvetse m'mene buku la kampani limayendera.

Madzi a m'mipope ya mu Kafue ali m'manja mwa kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation Company, imene inayamba kuyang'anira tauniyi m'caka ca 2008. Nyumba iriyonse yolandira bilu iri ndi akaunti yace, yokhala ndi nambala yaceyace. Akauntiyo siitsekedwa mwezi ukatha. Iri ngati kabuku ka nkhongole ka pa golosale: mbali ina mumalembedwa mtengo wa madzi amene nyumbayo yagwiritsa nchito, mbali inayo ndalama zimene zalipiridwa, ndipo cotsala ca mwezi uno ndico cimayamba tsamba la mwezi wa mawa. Nkhongole imawolokera mwezi wina mwa njira imeneyi, ndipo ndalama zopitirira zimawolokanso cimodzimodzi.

Naci citsanzo, ca ziwerengero zongoyerekeza. Mai wina wa mu Nangongwe walandira bilu ya mwezi wa Marichi ya K180. Iye walipira K180 ku ofesi, ndipo mlungu womwewo mwana wace walipiranso K180 pa lamya. Kampani yalandira K360 pa nkhongole ya K180, motero tsopano ndi kampaniyo imene ikusunga K180 ya maiyo.

Mu Epulo banjalo lagwiritsa nchito madzi a K150. Kampani icotsa K150 imeneyi pa K180 ija, ndipo patsala K30. Mwezi umenewu maiyo salipira kanthu. Mu Meyi madzi akwana K170. Kucotsapo K30 yotsala ija, iye alipira K140 cabe. Pofika apa K180 yonse yabwerera kwa mwini wace, osati m'manja, koma m'madzi.

Pali msampha pa bilu ya Epulo ija. Pansi pace padzalembedwa K30, ndipo munthu wozolowera kuyang'ana nambala ya pansi yokha adzapita kukalipira K30 imeneyo, osadziwa kuti ndi yace yomwe. Pa mabilu ambiri ndalama zotere zimadziwika ndi zilembo CR pambali pa nambala, kapena kamzere kakang'ono kocotsera patsogolo pace, monga -30. Woona cizindikiro cimeneci asunge ndalama zace m'thumba. Amene maso ace sathanso kuona tizilembo ting'onoting'ono apemphe mdzukulu wa pa sukulu amuwerengere, pakuti kamzereko ndi kocepa kwambiri kuposa nchito imene kamagwira.

Koma munthu asangokhala pansi kudikira bilu yotsatira. Coyamba ndi kusunga umboni wa malipiro onse awiri: lisiti la ku ofesi, ndi uthenga wa pa lamya umene uli ndi nambala ya malipiro, tsiku ndi ndalama zace. Uthengawo usafafanizidwe, ndipo ndi bwino kukopera nambalayo m'kabuku, cifukwa lamya imatayika kapena kuwonongeka. Kenaka ayang'anitsitse nambala ya akaunti pa maumboni onsewo ngati iri yofanana ndi ya pa bilu.

Apa ndi pamene pagona ngozi yeniyeni. Ngati mwana uja analakwitsa nambala imodzi yokha polemba pa lamya, K180 yace siinafike pa akaunti ya amace. Mwina yakalowa pa akaunti ya nyumba ina, ndipo kumeneko ikhala mpaka wina atadandaula. Makina a kampani sadziwa colinga ca wolipira, amangotsata nambala. Zotere zimakonzedwa ku ofesi kokha, wodandaula atanyamula maumboni aja, bilu ndi citupa cace, ndi kupempha kuti ndalamazo zisamutsidwire pa akaunti yoyenera.

Ngakhale nambala ziri zolondola, ndi canzeru kupita ku ofesi kukapempha cikalata coonetsa zonse zolowa ndi zoturuka pa akauntiyo. Malipiro onse awiri ayenera kuonekamo, aliwonse ndi tsiku lace. Nthawi zina bilu imasindikizidwa malipiro aciwiri asanalembedwe, ndipo amadzaoneka pa bilu ya mwezi winawo. Bilu yaciwiri ikabwera iwo osaonekabe, nkhaniyo yafunika kalata.

Ena amadabwa kupeza kuti zotsala zao nzocepa kuposa zimene anali kuyembekeza. Kawirikawiri cifukwa cace ndi nkhongole yakale. Cikhala kuti mai uja anali ndi K120 yosalipira ya miyezi ya m'mbuyo, pa K180 yopitirira ija pakanatsala K60 yokha, pakuti ndalama zolowa zimayamba zatseka dzenje lakale.

Nanga wofuna kuti ndalama zace zibwere m'manja? Pa K180, imene itha m'miyezi iwiri, ulendo ndi makalata sizipindula kanthu. Koma munthu amene anafuna kulemba K180 nalemba K1,800 ali ndi cifukwa comveka: K1,620 yopitirirayo ingatenge pafupifupi miyezi khumi kuti ithe, ndipo pa akaunti ya madzi ndalama sizibala phindu. Wotereyu alembe kalata yopempha kubwezeredwa, achulemo nambala ya akaunti, tsiku ndi ndalama, aphatikizepo makope a malisiti, malisiti enieniwo asunge yekha. Apemphe kuti kope la kalata yace lidindidwe tsiku limene yalandiridwa. Kubweza ndalama kumafuna cilolezo ca akuluakulu, motero sikucitika pa windo tsiku lomwelo. Dandaulo likakhala nthawi yaitali popanda yankho, wodandaula angapite nalo ku bungwe la NWASCO, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 1997 kuti liziyang'anira makampani a madzi m'dziko muno.

Magetsi a ZESCO ogula mayunitsi ali ndi njira ina. Wogula kawiri amalandira manambala awiri, iriyonse ya ziwerengero 20, ndipo akailowetsa yonse mu mita mayunitsi amangowonjezeka. Palibe bilu yoti aidikire.

Anthu okhala m'nyumba za lendi, amene mu Nangongwe ndi ambiri, asamale koposa. Ndalama zotsala zimakhala pa akaunti ya nyumba, ndipo akauntiyo nthawi zambiri iri m'dzina la mwini nyumba. Wa lendi akasamuka mu Epulo, K180 yace imatsalira pa mpope umene wausiya, ndipo adzamwa madzi ace ndi wolowa m'malo mwace. Kampani siingabwezere munthu amene dzina lace mulibe m'buku. Wosamukayo atenge cikalata ca akaunti cija pamodzi ndi malisiti ace, akhale pansi ndi mwini nyumba asanapereke makiyi, ndipo agwirizane kuti ndalamazo zicotsedwe pa lendi ya mwezi wotsiriza.