Theka la Digiri Likhoza Kupha Anapiye Asanaswe

Thadzi likakhala pa mazira silifuna choyezera kutentha. Thupi lake limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo likakhuthula nthenga za pachifuwa n'kugunditsa khungu pa mazira, limawapatsa kutentha koyenera. Likamva kuti atentha kwambiri limadzuka pang'ono, likamva kuti azizira limakhalitsa. Makina oswetsera mazira, omwe ambiri timangoti inkyubeta, alibe nzeru imeneyi. Amangotsatira nambala imene mwini wake waika, ndipo nambalayo ikalakwika, imalakwika usana ndi usiku kwa masiku onse 21.

Nambala yoyenera imadalira mtundu wa makina. M'makina okhala ndi fani yoyendetsa mpweya, kutentha kuzikhala madigiri 37.5, omwe pa makinapo amalembedwa 37.5°C. Makina ena amawerenga mwa mtundu wina ndipo amaonetsa 99.5°F, koma kutentha kwake n'komweko. M'makina opanda fani, monga mabokosi opanga tokha a babu kapena a nyali ya parafini, mpweya wotentha umakwera m'mwamba ndipo pansi pamazizirirapo. M'menemo muyeso uzikhala pakati pa madigiri 38.3 ndi 38.9, ndipo choyezera chizikhala molingana ndi pamwamba pa mazirawo. Mukachiika pansi pa bokosi chimaonetsa ngati mukuzizira, inu n'kuwonjezera moto mpaka mazira kupsa.

Theka la digiri limaoneka laling'ono chifukwa munthu sangalimve ndi dzanja. Koma mluza uli m'dzira sungadziziziritse kapena kudzifunditsa, ndipo liwiro la kakulidwe kake limatsatira kutentha kumene wazunguliridwa nako. Kutentha kukakwera pang'ono mluza umakula mothamanga. Kukatsika umakula mozengereza. Zonsezi zimavulaza, koma kutentha kopyola muyeso n'koopsa kuposa kuzizira.

Makina akamakhala pa madigiri 38.3 m'malo mwa 37.5, anapiye amayamba kuboola chigoba pa tsiku la 19 kapena la 20. Mlimi angasangalale poganiza kuti zayenda msanga, koma anapiyewo amatuluka ntchito ya m'kati isanathe. M'masiku omaliza mwanapiye amayenera kukokera m'mimba chachikasu cha dzira chimene chatsala, kenako mchombo n'kutsekeka. Akafulumizidwa amatuluka wamng'ono, wotuwa, mchombo uli wosapola ndipo nthawi zina ukuchucha magazi. Pamchombo wotseguka ndi pamene tizilombo timalowera, n'chifukwa chake anapiye otere amafa kwambiri m'sabata yoyamba. Ena amatuluka ndi miyendo yotangadza kapena zala zopindika, ena amafera m'chigoba atakula kale. Kutentha kukapitirira madigiri 40 kwa maola angapo, miluza yambiri imafa.

Kuzizira pang'ono kumaoneka mwa njira ina. Makina akamakhala cha m'ma 36.5, tsiku la 21 limadutsa kuli zii, ndipo anapiye amayamba kutuluka pa tsiku la 22 kapena la 23, mmodzimmodzi. Amakhala onyowa, ofewa thupi, a mimba zazikulu ndi aulesi poimirira. Komabe kuzizira kwa maola ochepa, monga magetsi akazima, miluza imapirira nthawi zambiri, makamaka ikakhala yokulirapo. Chofunika pamenepo n'kusatsegula chitseko ndiponso kufunditsa makinawo bulangeti, koma osatseka timabowo tonse ta mpweya. Magetsi akabwera bulangetilo lichotsedwe msanga. Musakweze nambala pofuna kubwezera maola otayika, chifukwa kutero n'kuwonjezera vuto lachiwiri pa loyamba. Anapiyewo adzangochedwa pang'ono kuswa.

Tiyerekeze mlimi amene waika mazira 60 a nkhuku za Mikolongwe m'makina a fani. Nambala yowala pa makinapo ikuonetsa 37.5 tsiku lililonse. Pa tsiku la 7 waunika mazira ndi tochi mumdima, wachotsa 6 opanda mluza, atsala 54. Madzulo a tsiku la 19 akumva kale kulira kwa anapiye. Pofika tsiku la 21 atuluka 31, ndipo ambiri ali ndi michombo yofiira. Ataswa mazira otsalawo akupeza anapiye a nthenga zonse, atafa chachikasu chili panja. Iye akuganiza kuti anagula mazira oipa, koma mazira oipa akanaonekera pa tsiku la 7. Kuswa msanga ndi kufa mochedwa chonchi zikuloza kutentha.

Vuto n'lakuti nambala ya pa makina ndi zimene kachipangizo kake koyezera kakunena, ndipo kachipangizoka kakhoza kunama ndi theka la digiri kapena kuposa. Njira yokagwirira ndi yotsika mtengo. Mlimiyo atenge kabotolo kakang'ono ka madzi kotseka bwino, akaike pakati pa thireyi m'makina opanda mazira, n'kuwasiya akuyaka usiku wonse. M'mawa atsegule kabotoloko ndi kuviika msanga choyezera kutentha kwa thupi, chija chogula ku famase. Choyezerachi chinapangidwira madigiri a pakati pa 35 ndi 42, ndiye chimalondola bwino pamenepa, ndipo madzi amasunga kutentha monga dzira limachitira. Ngati chikuonetsa 38.3 pomwe makina akuti 37.5, makinawo akubisa 0.8. Atsitse nambala kufika 36.7, adikire maola angapo, ayezenso mpaka madziwo aonetse 37.5. Ayeze kabotoloko m'makona ndi pafupi ndi chitseko, popeza si malo onse m'makina amene amatentha mofanana. Ngati pali kusiyana, mazira azisinthidwa malo masiku angapo alionse.

Pali chinanso chimene chimapusitsa alimi. M'masiku oyamba dzira limangolandira kutentha, koma kuyambira chapakati pa nthawi yofungatira mluza umayamba kutulutsa kwake, ndipo kumachuluka pamene ukukula. Makina odzaza amene anali bwino sabata yoyamba akhoza kutenthetsa mazira sabata yachitatu. N'chifukwa chake pa tsiku la 18, pamene timasiya kutembenuza mazira ndi kuwonjezera madzi kuti chinyontho chikwere kuchoka pa 50 kapena 55 peresenti kufika cha m'ma 65 kapena 70, ndi bwino kutsitsa kutentha pang'ono kufika pa 37.2 ndi kutsegulako timabowo ta mpweya.

Chipinda chimene makina ali nachonso chili ndi gawo lake. Makina ang'onoang'ono ambiri amatha kutenthetsa kokha, kuziziritsa sangathe. Mu Okutobala ndi Novembala, m'madera otentha ngati Chikwawa ndi Nsanje, chipinda cha malata masana chimafika pafupi ndi kutentha kwa m'makina, ndiye kutentha kwa mazira kulibe kothawira. Dzuwa lolowa pawindo n'kuwomba chivindikiro limakweza muyeso m'kanthawi kochepa. Mu Juni ndi Julayi vuto limabwera mbandakucha, pamene makina a khoma lopyapyala amalephera kufika pa muyeso. Choncho makina azikhala m'chipinda cha mthunzi, kutali ndi windo ndi chitseko, ndipo muyeso uzionedwa mbandakucha ndi masana dzuwa litaswa mtengo.

Pomaliza, lembani tsiku ndi ola limene mwaika mazira, podziwa kuti tsiku loyamba limatha pakadutsa maola 24. Anapiye ambiri akatuluka pakati pa kumapeto kwa tsiku la 20 ndi tsiku la 21, makina anu akunena zoona. Akatsogola kapena kuchedwa ndi tsiku lathunthu, musaikenso mazira ena kabotolo kaja kasanagone m'makinamo.