ZILEMBO ZITATU PA BOKOSI LA LAMYA: KODI ZIFUNIKA KWA YANI?

Mbewu zikagulitsidwa ku Katete, Petauke ndi Chadiza, makolo ambiri amatumiza ndalama kwa ana ao okhala m'makomboni a Lusaka, monga Chawama, Kanyama ndi Mtendere, kuti awagulire lamya ya m'manja. Mwanayo akafika m'masitolo a mu mseu wa Katondo kapena ku Kamwala amapeza lamya ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana mtengo. Akafunsa cifukwa cake, wogulitsa amaloza pa bokosi nati, iyi ili ndi NFC, iyo ilibe. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, poganiza kuti lamya yopanda zilembozi siingathe kulandira ndalama.

Zilembo zitatuzi ziimira mau a Cingerezi otanthauza kulankhulana pafupi. Kumbuyo kwa lamya, mkati mwa cikuto, muli kawaya kopyapyala kozengezedwa ngati nkhata. Kawayaka kamatulutsa mafunde a wailesi ofooka kwambiri, osapitirira masentimita 4, ndiwo mtunda wa zala ziwiri kapena zitatu. Kufooka kumeneku n'kwadala. Zinthu ziwiri sizingamvane pokhapokha mwini wake atazigunditsa, ndipo munthu woima kutsidya la mseu sangalowererepo. Njirayi inayambidwa ndi makampani a Sony ndi Philips m'caka ca 2002, ndipo mu 2004 iwo pamodzi ndi Nokia anakhazikitsa bungwe loika malamulo ake.

Cinthu coyamba coti wogula adziwe n'cakuti ndalama za pa lamya zimene anthu azolowera, za Airtel Money ndi MTN MoMo, sizidalira NFC. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Matero akasindikiza *115# nalemba nambala yake yacinsinsi, uthenga umayenda kupyolera pa nsanja ya kampani ya lamya, monga amayendera mau a munthu woimba foni. N'cifukwa cake kalamya kakang'ono ka mabatani kamalandira ndi kutumiza ndalama bwino lomwe. Cimodzimodzi pogula magetsi a ZESCO: wogula amalandira manambala 20 nawalemba pa mita ndi cala cake. Mlimi amene nchito yake n'kulandira ndalama za cimanga, kulipira sukulu ndi kulankhula ndi abale sataya kanthu lamya yake ikasowa zilembozi.

Nanga zimagwira nchito pati? Makhadi ambiri a banki a masiku ano ali ndi cizindikiro ca timizere tinai topindika, tonga mafunde a pa dziwe. Khadi lotere lili ndi kawaya kake mkati. Munthu akagula katundu wa K150 m'sitolo yaikulu, wogulitsa amalemba mtengo pa makina olipirira, ndipo wogula amangogunditsa khadi pamwamba pake. Khadilo lilibe batire. Mphamvu yodzukira limaitenga ku mafunde a makinawo. Likadzuka limapereka nambala yake pamodzi ndi cidindo ca manambala cogwira nchito pa malipiro amenewo okha. Makina amatumiza zonsezi ku banki, banki nivomera kapena kukana. Pa ndalama zocepa nthawi zambiri safunsa nambala yacinsinsi, koma zikapyola malire oikidwa ndi banki amaifunsa.

Lamya ya NFC imatha kudziyesa khadi lomwelo. Mwini wake amalembetsa khadi lake m'lamya, ndipo banki imapatsa lamyayo nambala ina yoimira khadi, kotero kuti wa sitolo saona nambala yeniyeni. Ubwino wake uli apa: khadi likagwa m'basi ya ku Kanyama, wolitola angagule nalo tinthu tating'ono mwini asanalitseketse, koma lamya yokhoma bwino imafuna cala kapena nambala ya mwini wake.

Komabe kawaya kokha sikakwanira. Mphika suwira pa mafuwa awiri, ndipo pano mafuwa ndi atatu: lamya ikhale ndi NFC, sitolo ikhale ndi makina olandira malipiro ogunditsa, ndiponso banki ya munthuyo ilole kuti khadi lake lilembetsedwe m'lamya. Lacitatuli ndilo limagwetsa ambiri. Ku South Africa, Apple Pay inayamba mu 2021 ndipo Google Wallet mu 2022, koma cimene banki ya ku Joni ilola si cimene banki iliyonse ilola. Wofuna kuonjezera ndalama cifukwa ca zilembozi ayambe wafunsa ku banki yake. Ndipo akumbukire kuti amene ali ndi khadi la timizere tinai m'thumba ali nayo kale njira yogunditsa. Khadi silitha moto magetsi akazima tsiku lonse, pamene lamya yothima siilipira.

Nchito yaciwiri ndiyo kuwerenga. Pali timapepala tomata, taukulu wa ndalama yacitsulo, tokhala ndi kawaya ndi kacipangizo kosunga mau ocepa. Tina tofala timasunga zilembo zosapitirira 144, zokwanira dzina, nambala ya foni kapena keyala ya pa intaneti. Lamya ikatigunda imatipatsa mphamvu niwerenga zolembedwamo. Kapepala kotere sikangacotse ndalama m'lamya pa kokha, koma wakuba angathe kulembamo keyala yotsegula tsamba lonyenga lofunsa nambala yacinsinsi, ndipo tsamba lotere n'lofunika kulitseka msanga. Mapasipoti a maiko ambiri alinso ndi kacipangizo kowerengedwa mwa njira yomweyi, ndipo mapulogalamu ena opemphera cilolezo colowera ku Britain amafuna kuti lamya igunditsidwe pa pasipoti.

Amene kusowa kwa NFC kungamupweteke kwambiri ndi wamalonda. Kampani ya Visa ili ndi njira yochedwa Tap to Phone, imene imasandutsa lamya ya Android kukhala makina olandirira malipiro a khadi. Mwini grosale ku Kalingalinga kapena ku George, ngati banki yake ipereka njirayi, angalandire ndalama kwa wogula wa khadi popanda makina apadera. Lamya yake ikakhala yopanda kawaya palibe cocita, pakuti NFC si pulogalamu yoti n'kuikamo pambuyo pake. Ngati sikanaikidwe ku fakitale, kalibemo basi.

Tsono mwana wotumidwa uja asadalire bokosi kapena dzina la lamya, cifukwa lamya zina za dzina limodzi zimapangidwa mitundu iwiri, ina ya NFC ndi ina yopanda, malinga ndi dziko limene zikupita. Ayatse lamyayo pomwepo pa sitolo, atsegule Settings, nalembe NFC pa malo ofufuzira pamwamba. Pa lamya za Samsung mauwa amapezeka pansi pa Connections. Akapanda kuoneka pa lamya ya Android, ndiye kuti mulibe. Akaoneka, awayatse, ndipo lamya ili yotsegula aike khadi la banki kumbuyo kwake, kuyambira pafupi ndi kamera n'kumatsika pang'onopang'ono. Kawirikawiri lamya yamoyo imanjenjemera kapena kulira, ngakhale italemba kuti ilibe pulogalamu yowerengera khadilo. Kulirako ndiwo umboni wokwanira.

Ikakhala cete, ayambe wacotsa cikuto ca kunja, pakuti citsulo ndi zikuto zocindikala zimatsekereza mafunde. Aonenso kuti m'cikutomo mulibe khadi lina, cifukwa makhadi awiri akayankha pamodzi lamya siimva lililonse. Pa lamya zogwiritsidwa kale nchito pali vuto linanso: m'mitundu ina kawayako kamamatidwa pa civindikiro ca kumbuyo kapena pa batire, ndipo wokonza akasintha mbali imeneyi ndi yochipa, mau a NFC amaonekabe mu Settings pamene kawaya kanapita kale ku dzala.