Mawu akasefukira m'kabokosi ka tebulo

Pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, monga Tesseract, imatola mawu mzere ndi mzere, n'kunena kuti liwu lililonse lili patali bwanji kuchokera kumanzere ndi kumwamba kwa tsamba. Sidziwa yokha kuti mizere iwiri yoyandikana ikunena za chinthu chimodzi. Apa ndi pamene matebulo ambiri amaonongekera.

Chitsanzo ndi tebulo la mankhwala la madanga atatu: nambala, dzina ndi kuchuluka. Pa nambala 7 dzina latalika, moti "Amoxicillin 250mg" ili pamwamba ndipo "makapisozi 1000" atsikira pansi m'kabokosi komweko. Kuchuluka kwake ndi 12. Pulogalamu ikatenga mzere uliwonse wa mawu ngati mzere wa tebulo, pamatuluka mizere iwiri, wachiwiriwo wopanda nambala ndi kuchuluka komwe. Mizere yamagweru yotereyi ndiyo chizindikiro choyamba cha vutoli.

Ngati tebulo lili ndi malire ojambulidwa, ntchito imaphweka. Amayamba apeza malirewo, n'kudula chithunzi kabokosi ndi kabokosi, kenako n'kuwerenga kalikonse pakokha. Zonse za mkati mwa malire ndi za pamodzi, kaya zili pa mizere ingati.

Popanda malire pamafunika nzeru. Njira yodalirika ndiyo kusankha danga limene silisefukira, monga la nambala. Nambala yatsopano ikaoneka, mzere watsopano wayamba, ndipo mawu onse a pansi pa 7, mpaka 8 ataoneka, ndi a 7. Koma njirayi imagwira ngati nambalayo yalembedwa kumtunda kwa kabokosi. Ikakhala pakati, mawu oyamba a dzina amakhala pamwamba pake, ndiye amakamatidwa ku mankhwala a nambala 6. Cholakwika ichi n'choopsa kuposa choyamba chija chifukwa tebulo limaoneka lodzaza bwinobwino. Zikatero amayezanso mipata: mizere ya m'kabokosi kamodzi nthawi zambiri imathinana kuposa ya mabokosi osiyana. Chithunzi chopendama chimasokoneza miyezo yonseyi, choncho chiyambe chawongoledwa.

Chotsala n'kulumikiza mawuwo. Chiganizo chimene chinangosowa malo chimalumikizidwa ndi mpata umodzi, koma ngati mizereyo inalekanitsidwa dala, monga dzina la munthu ndi adiresi yake, kulekanako kusungidwe. Fayilo ya CSV imalola zimenezi malinga ngati kabokosi konse katsekeredwa m'zizindikiro za `"`:

```
7,"Amoxicillin 250mg
makapisozi 1000",12
```

Zizindikirozo zikaiwalika, pulogalamu yotsegula fayiloyo imadulanso mzerewo pawiri.

Poonetsetsa ntchito, chiwerengero cha mizere yotuluka chifanane ndi nambala yomaliza pa pepala. Kuwerengako sikugwira mawu amene alowa kwa mnzake, choncho mabokosi onse olumikizidwa ayenera kufananizidwa ndi chithunzi pamaso.