Kilogalamu ya gasi ikufanana ndi makala ochuluka bwanji?

Kukwera kwa mtengo wa makala m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, makamaka m'nyengo ya mvula, kwadzutsa mkangano m'mabanja ambiri wofuna kudziwa ngati gasi wophikira alidi wa anthu opeza bwino okha. Akatswiri amayeza kutentha ndi muyezo wotchedwa megajulo, ndipo megajulo imodzi ndi kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira pafupifupi malita atatu ngati palibe komwe kwatayika. Kilogalamu ya nkhuni zouma imatulutsa megajulo pafupifupi 16, ya makala 29, ya palafini 43, pomwe ya gasi imatulutsa 46.

Komatu si kutentha konseku komwe kumalowa mumphika. Pamafuwa atatu, moto wambiri umathawira m'mbali kotero kuti mphika umalandira megajulo ziwiri zokha pa kilogalamu ya nkhuni, ndipo nkhuni zikakhala zaziwisi, zija zimatuluka thovu kumapeto, gawo lina la moto limathera kuumitsa madzi a m'nkhunimo. Mbaula ya makala imafikitsa megajulo pafupifupi 7, sitovu ya palafini 19, ndipo ya gasi 25. Apa zikutanthauza kuti kilogalamu imodzi ya gasi imagwira ntchito ya makilogalamu atatu ndi theka a makala, choncho silinda ya makilogalamu 6 ikufanana ndi makilogalamu 21 a makala. Palafini amagulitsidwa pa lita, ndipo lita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 800.

Mayi wina wa ku Ndirande, yemwe amagula makala a m'kajumbo m'mawa uliwonse, ndi chitsanzo cha momwe masamuwa amavutira kuwagwiritsa ntchito. Kajumboko sikayezedwa pasikelo, pamwamba pamakhala makala akuluakulu okopa maso pomwe pansi pali zinyenyeswa ndi fumbi zomwe zimagwera m'maboo a mbaula. Mvula ikagwa makalawo amanyowa, amachedwa kuyaka, ndipo mayiyo amakupiza ndi chivundikiro cha poto kwinaku utsi ukumulowa m'maso. Nsima ikapsa makala amapitiriza kunyeka popanda chophika, zomwe sizichitika ndi gasi chifukwa amazimitsidwa nthawi yomweyo.

Olimbikitsa gasi amati gasiyo ndi wotchipa malinga ngati mtengo wake pa kilogalamu sunapose katatu ndi theka mtengo wa makala, ndipo masamu awo ndi oona. Otsutsa amayankha kuti banja lodalira maganyu limapeza ndalama pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndiye silingathe kugula silinda, sitovu ndi gasi nthawi imodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa momwe olimbikitsa gasiwo amaivomerezera. Nyemba zouma, zomwe zimafuna moto wa maola angapo, zimachititsanso kuti ngakhale mabanja omwe ali ndi gasi asataye mbaula, ndipo ena ayamba kuviika nyembazo m'madzi usiku wonse kuti zipse msanga.