Mukasowa chonena, yankho lili m'mawu a mnzanuyo

Pamsonkhano wokonzekera ukwati, ku ofesi kapena m'minibasi, sipalephera kupezeka munthu woponya mawu. "Koma ndiye mwanenepatu!" Anthu amacheuka kudikira yankho. Wamanyazi amangomwetulira, mutima uli phaphapha, m'kamwa muli gwa. Yankho labwino limamufikira usiku atagona kale.

Sikuti munthuyu ndi wopanda nzeru. Vuto ndi nthawi. M'chaka cha 2009, Tanya Stivers ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa macheza m'zinenero 10, ndipo anapeza kuti pakati pa funso ndi yankho pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Chonsecho ubongo umafuna nthawi yoposa theka la sekondi kuti ukonze ngakhale liwu limodzi. Ndiye kuti anthu amayamba kukonza yankho mnzawo asanamalize kuyankhula. Wamanyazi nthawi imeneyo amakhala akudzifunsa kuti, "Kodi akundiona bwanji?" Mwayi wake ukamafika, alibe chomwe wakonza.

Choncho choyamba ndi kumvetsera, n'kugwira liwu limodzi mwa zomwe mnzanuyo wanena. Libwerezeni ngati funso: "Ndanenepa?" Kubwerezako kumakupatsani kamphindi kopumira, ndipo anthu amaona ngati mukukoka nkhani dala.

Chachiwiri, musakane ndipo musadziteteze. Mukati, "Ayi, ndi malayawa," mwatsegula mlandu, ndipo wina anena kuti malayawo anali okukwanani chaka chatha. Vomerani, kenaka muwonjezere mpaka aliyense aone kuti ndi zocheza: "Eya, ndikusungiratu ya mu Febuluwale." Aliyense amadziwa kuti mwezi umenewo nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndiye kuseka kumabwera kokha. Simunanyoze munthu, simunafotokoze za thupi lanu, ndipo nkhani yatha.

Njira yomweyi imagwira pa mafunso ena omwe amabwerabwera. Azakhali akati, "Nanga ukwati liti, mwanawe?" mungati, "Ndikungodikira mbuzi yanu, azakhali." Mnzanu wa kuntchito akati, "Inu bwanji simuyankhula?" muyankheni kuti, "Ndikusunga mayunitsi, achimwene." Mayankhowa ndi aafupi, osapitirira mpweya umodzi, ndipo liwu loseketsa lili chakumapeto. Mukalitchula, khalani chete. Ambiri amawononga nthabwala yabwino poifotokozera.

Mafunso oterewa ndi ochepa ndipo sasintha: kunenepa kapena kuwonda, banja, kuchedwa, kusowa. Palibe cholakwa kukonzeratu. Yankho lija lakufikirani usiku, lilembeni m'foni, chifukwa funsolo lidzabweranso. Liyeseni mokweza muli nokha kuti lilime lizolowere. Mayankho atatu okonzeratu ndi okwanira poyambira.

Poyeserera, yambani pomwe kulephera sikupweteka. Mwambo wathu unatisiyira kale malo otere. Asuweni amaloledwa kunyogodolana popanda wokwiya, ndipo agogo amatcha mdzukulu wawo "mwamuna wanga" kapena "mkazi wanga". Agogo akati, "Amuna anga, mwandisiya ndi njala," yankhani kuti, "Ndimakasaka ya sopo, akazi anga." Kumsika nakonso ndi kwabwino, poti kunenerera ndi macheza kale. Mayi wa tomato akatchula mtengo, funsani mukumwetulira: "Mayi, ameneyu akubwera ndi mafuta ake omwe?" Akapanda kuseka, mwangogula tomato basi. Kamodzi patsiku n'kokwanira.

Koma pali malire. Nthabwala iloze inuyo kapena vuto lomwe nonse mukuliona, monga kuthima kwa magetsi, mzere wautali kapena kutentha kwa mu Okutobala. Isakhudze chilema, kusabereka, umphawi kapena mtundu wa munthu. Pamaso pa apongozi kapena abwana, dikirani iwo ayambe, ndipo yankho lanu likhale lofewa kuposa mawu awo. Pamaliro mumaona adzukulu akuseketsa anthu, koma iwo ali ndi chilolezo cha mwambo chomwe wopepesa wamba alibe. Ngakhale podziseka nokha musapyole. Kunena kuti "ine ndine chitsiru" kumachititsa anthu chisoni m'malo moseka.

Kuti mudziwe ngati mwalakwitsa, yang'anani amene mwamuyankhayo, osati gulu. Ena onse akamaseka iye atazyolika, kapena akafunsa kuti, "Mukutanthauza chiyani?" ndiye kuti mawu abaya. Musawabwereze kapena kuwaikira kumbuyo. Nenani kuti, "Pepani, ndimangocheza," n'kumufunsa funso lina lenileni. Koma ngati nthabwala yangogwa pansi popanda wopwetekeka, palibe chopepesa. Ingonenani kuti, "Imeneyo sinapse, ndiibwezera pamoto," ndipo nthawi zambiri mawu amenewa ndi omwe amaseketsa.