Musadikire Kuti Shuga Athe: Nthawi Yoyenera Kuoda Katundu wa M'golosale

Eni magolosale ambiri amaimbira foni wa holoselo akaona kuti pa shelefu patsala mapaketi awiri kapena atatu. Kukanakhala kuti galimoto imafika tsiku lomwelo, sipakanakhala vuto. Koma wolonjeza kuti "tibwera Lachitatu" amatha kutulukira Loweruka, mwina chifukwa mafuta asowa, mwina msewu waterera ndi mvula. Masiku onsewo kasitomala akugula shuga kwa mnzanu, ndipo sopo ndi machesi akugulanso komweko.

Mankhwala ake ndi manambala awiri olembedwa m'kope pa katundu aliyense woyenda msanga: mlingo wapansi, umene umakuuzani kuti odani lero, ndi mlingo wapamwamba, umene umakuuzani kuti muode wochuluka bwanji.

Tiyerekeze kuti mumagulitsa mapaketi 6 a shuga wa kilogalamu imodzi patsiku, ndipo belo imodzi imakhala ndi mapaketi 20. Choyamba kudziwa ndi masiku amene amadutsa kuchokera pomwe mwaoda kufikira pomwe katundu watsitsidwa pakhomo. Apa musatengere lonjezo la wogulitsa. Lembani tsiku looda ndi tsiku lofika ulendo uliwonse. Tinene kuti maulendo asanu apitawo anatenga masiku 3, 4, 3, 7 ndi 3. Mukawaphatikiza n'kugawa pasanu mupeza masiku 4, ndipo m'masiku anayi mumagulitsa mapaketi 24.

Ambiri amaimira pamenepa, ndipo ndi pomwe amagwera. Mapaketi 24 amakwanira pokhapokha galimoto ikasunga nthawi. Yang'ananinso ulendo wa masiku 7 uja: unapitirira ndi masiku atatu, omwe ndi mapaketi 18. Amenewa ndiwo shuga wodzitetezera. Mukaphatikiza 24 ndi 18, mlingo wanu wapansi ndi 42. Shuga akangotsika kufika pamenepo, imbani foni, ngakhale maso akuona kuti mabelo awiri akadali mosungiramo katundu. Mtima umakana, chifukwa zimaoneka ngati mukuoda katundu ali tho, koma mabelo awiriwo ali kale ndi ntchito yake: ndi oti mugulitse mukudikira galimoto.

Ngati simuwerenga katundu tsiku lililonse, onjezerani malonda a masiku apakati pa kuwerenga kumodzi ndi kunzake. Wowerenga pakapita masiku awiri aliwonse akweze mlingowo ndi mapaketi 12, apo ayi adzapeza kuti nambala ija anaidutsa dzulo.

Mlingo wapamwamba ndi wosavuta. Sankhani kuti mukufuna kumaoda pakapita masiku angati, tinene khumi. Amenewo ndi mapaketi 60, ndipo pamodzi ndi 42 aja akukwana 102, omwe tingangoti 100, mabelo asanu. Tsiku limene mwawerenga n'kupeza 38, chotserani 38 pa 100. Atsala 62, choncho odani mabelo atatu. Mlingowu umateteza mpamba, chifukwa ndalama zonse zikagona mu shuga, mafuta ophikira ndi mchere mudzagula ndi chiyani?

Pali msampha umodzi wofunika kuusamala. Mukaoda mabelo atatu lero, mawa pa shelefu padzakhala 32, pansi pa mlingo uja. Musaodenso. Powerenga, phatikizani zomwe zili m'golosale ndi zomwe zili m'njira: 32 ndi 60 ndi 92. Ndaonapo anthu akulandira katundu kawiri sabata imodzi, alibe poika, alibenso ndalama yolipira, chifukwa choiwala zimenezi. Koma wogulitsa akabweretsa mabelo awiri m'malo mwa atatu, funsani nthawi yomweyo ngati yotsalayo ibweradi. Ngati sibwera, ifufuteni m'kope.

Mudzadziwa kuti mlingo wapansi ndi wochepa ngati shuga amatha galimoto isanafike mobwerezabwereza. Mudzadziwa kuti ndi wokwera kwambiri ngati galimoto imapeza mabelo awiri osatsegula ulendo uliwonse, ngakhale itachedwa. Powerengera malonda a tsiku, masiku amene shuga kunalibe musawaikemo, chifukwa simunagulitse kaamba kosowa katundu, osati kosowa ogula. Manambalawa amasinthanso ndi nyengo: kumapeto kwa mwezi ndi nthawi yokolola malonda amakwera, pomwe m'dzinja misewu ya dothi imachedwetsa galimoto.

Njirayi siyoyenera buledi kapena mkaka wosachedwa kuwonongeka, chifukwa wodzitetezerayo amangosanduka wotaya. Komanso wogulitsa akamachedwa mpaka masabata awiri, kusunga katundu wokwanira masiku onsewo kungameze mpamba wonse. Bola kukhala ndi holoselo yachiwiri yoti n'kuthamangirako pa kabaza, ngakhale mtengo utakwererapo pang'ono. Yambani ndi zinthu zisanu zomwe makasitomala amafunsa kwambiri, ndipo oda yotsatira mulembe tsiku lake m'kope.